Zilembo zonenepa kapena zopyapyala pa chikwangwani cha chipatala

Choyamba ndi msinkhu: sentimita imodzi ya chilembo imawerengeka bwino pa mamita atatu. Choncho mawu oti "Wodi ya Ana" oonekera pa mamita 30 akhale masentimita 10.

Mzere wopyapyala umakongola ukayandikira, koma patali umazimiririka, makamaka kwa agogo ofooka maso. Wonenepa kwambiri vuto lake ndi lina: timipata ta mkati mwa a, e ndi o timatsekeka, mawu n'kusanduka chibanthu chakuda.

Ine ndimasankha wapakati, wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a msinkhuwo. Ngati mukulemba zoyera pa bolodi lakuda, chepetsaniko pang'ono, chifukwa zoyera zimaoneka zofufuma. Musanagule penti, yesani pa pepala, muime pa geti madzulo n'kuwerenga.