Chizindikiro cha khansa m'magazi: kufufuza kapena kulondoloza?

Amalawi ena kuno ku Johannesburg amalipira ku labotale kuti ayezetse CA-125, puloteni inayake yopezeka m'magazi, poganiza kuti ingawauze ngati ali ndi khansa ya m'thumba la mazira.

Pofufuza khansa mwa mayi wosadwala, CA-125 imasocheretsa, chifukwa imatha kupitirira 35 U/ml, omwe ndi malire a mlingo wabwinobwino, panthawi ya msambo, mayi akakhala ndi pakati, kapena chifuwa chachikulu chikalowa m'mimba, pamene pafupifupi theka la khansa zongoyamba kumene siziikweza n'komwe. Mayi amalipiranso sikani ali ndi mantha, mwina popanda chotupa.

Polondoloza chithandizo, dokotala amayerekeza wodwala ndi zotsatira zake zakale. Tiyerekeze mayi amene anali ndi CA-125 ya 600 asanachitidwe opaleshoni, n'kutsika kufika pa 20 atalandira mankhwala. Ikakwera kufika pa 45, kenako 90, dokotala amaitanitsa sikani ngakhale mayiyo sakumva ululu.

Kuyezaku kumayenera amene anapezeka kale ndi khansayo poyeza kachidutswa ka chotupa. Amene akungotupa mimba ayambe waonana ndi dokotala, yemwe adzasankhe zoyeza.