GIMP powongola chithunzi cha chikalata: ndikuipatsa nyenyezi zinayi

Ndimatayipa ndi kusindikiza makalata ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo GIMP ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi imene ndimadalira kasitomala akabwera ndi pepala lojambulidwa pafoni. Chimene ndaikondera kwambiri n'choti imawongola mavuto awiri padera, kupindika kobwera ndi diso la kamera komanso kupendekeka kwa pepala.

Mayi ena anabweretsa chithunzi cha pepala loitanira anthu ku chinkhoswe, la A4, kuti tisinthe tsiku. Anajambula ali pafupi kwambiri, foni itaweramira kutsogolo. M'mbali mwa pepala munali mutatukumuka ngati mimba ya mtsuko, ndipo kumtunda kunali kochepa kusiyana ndi kumunsi. Mukalemba tsiku latsopano pachithunzi chotere, mawu anu amakhala owongoka pomwe anzake akupindika, ndipo aliyense amaona kuti apa paikidwa chigamba.

Ndinayamba ndi Filters > Distorts > Lens Distortion. Ndinakoka mzere wolondolera kuchokera pa lula n'kuuika m'mphepete mwa pepala, kenako ndinatsitsa Main pang'onopang'ono kunsi kwa 0 mpaka mphepete ija inawongoka. Mukapyoza, mbali zimalowa m'kati, ndiye mumangobwerera pang'ono. Izi ziyambe ndithu, chithunzi musanachidule, chifukwa kupindikaku kumayambira pakati pa chithunzi chonse. Komanso chida chowongolera kupendekeka chimangogwira ngodya zinayi, ndiye mphepete yokhota imakhalabe yokhota.

Kenako ndinatenga Perspective podina Shift+P, n'kusankha Corrective (Backward). Apa mpamene pulogalamuyi imandisangalatsa. Simuvutika kukoka chithunzi mongoyerekeza ayi, mumangoika tizigwiriro tinayi pa ngodya zinayi za pepala, iyo n'kuliyala lokha. Chenjerani ndi chimodzi: pepala limatenga maonekedwe a chithunzi chonse, choncho zilembo zitha kunenepa kapena kuwonda. Ine ndinapita pa Image > Scale Image, n'kumasula katcheni kolumikiza m'lifupi ndi m'litali, n'kulemba 2480 ndi 3508, womwe ndi mlingo wa A4 pa 300 dpi. Chilembo cha O chikabwerera mwakale, dziwani kuti zatheka. Pamenepo mpamene ndinafufuta tsiku lakale ndi chida cha Clone n'kulemba latsopano, ndipo linakhala pamzere umodzi ndi mawu ena.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa zida ziwirizi sizithandiza pepala lopindidwa kapena tsamba la buku lokhotera kumsana, komanso kuwongola kulikonse kumafewetsako zilembo. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp chimabwera chitachepetsedwa kale, ndiye tizilembo ting'onoting'ono timachita chimbuuzi. Masiku ano ndimawauza makasitomala kuti, "Mayi, yalani pepala patebulo, muime patali pang'ono, foni iyang'ane pansi molunjika, ndipo munditumizire ngati Document."