Miyezi 8 chitsitsireni Sharpness pa TV yanga

"Achimwene, Sharpness ija munatsitsa ija mudakaisiyabe pansi? Chithunzi sichikuoneka mbuu?"

Eee aphwanga idakali pomwepo, pa 10. TV yake ndi yomwe ija ya mainchesi 43, nambala za Sharpness yake zimayambira 0 kufika 100 ndipo inabwera ili pa 50.

Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kuibwezera pa 50, ndisaname, chithunzi chimaoneka ngati pagalasi papakidwa mafuta. Koma anali maso chabe, anazolowera zakuthwa zija. Sharpness yokwera siwonjezera kanthu kalikonse kamene kamera inajambula, imangoti paliponse pamene chakuda chakumana ndi chowala, imawalitsa mbali yowalayo nkudetsa mbali yakudayo, ndiye mumapeza kamzere koyera kazungulira chinthu ngati mwana walemberera ndi choko. Ine ndimakaona kwambiri pa mpira, wosewera wa jezi yakuda ali pa kapinga kamzere kali mbee kuyambira phewa mpaka sokosi, zigoli pakona paja manambala ake kumaoneka awiriawiri.

Mmene ndinapezera 10 yo, ndinaimitsa filimu pamene panali mawu olembedwa pansi ndi munthu wovala suti yakuda ataima pakhoma lotuwa, nkukhala pafupi ndi sikirini, kenako kumatsitsa 5 5 ndi rimoti. Pa 30 kamzere kanalipobe, pa 20 kamaoneka ukayandikira, pa 10 kanatheratu. Ndinayesa 0 koma zilembo zinayamba kufewa m'mbali, ndiye ndinabwerera. Musangokopera nambala yanga, ma TV amasiyana, ma Sony ambiri malo osawonjezera kanthu ndi pa 50 ndipo mukatsika pamenepo mukuchita kufewetsa chithunzi dala, pomwe ma Samsung ambiri ndi pa 0.

Chimene chandisangalatsa kwambiri pa miyezi yonseyi ndi nkhope za anthu. Kale owerenga nkhani amaoneka khungu lokhakhala ngati sandipepa, tsitsi ngati mawaya, pano ndi anthu basi. Timadontho tija timanyanyuka ngati nyerere pa kapinga natonso tachepa, Sharpness imatikulitsa.

Sizinathe zonse ayi. Matchanelo a SD ena kamzere kamabwera kali kale m'chithunzi kuchokera komwe akuulutsa kapena mu dikoda, olo muike 0 kamakhalapobe pang'ono. Pa HD ndiye mbee bwinobwino.

China chinandipusitsa mwezi wachitatu, tinalumikiza laputopu pa HDMI 2 timizere tonse nkubwerera, ine kumaganiza kuti TV yaonongeka. Kani yanga imasunga zosintha pa HDMI iliyonse payokha, komanso Picture Mode iliyonse ili ndi Sharpness yakeyake. Ndiye mwana akangodina rimoti nkupita pa Dynamic basi zabwerera, moti pano ndikangoona manambala a zigoli ayamba kuwala m'mbali ndimayamba ndafunsa kuti wagwira rimoti ndani.