Intaneti yawo ndi yabwino, koma samalani ndi fatura mukakweza pakoti pakati pa mwezi

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Zikanakhala zinayi akanakhala kuti anthu a pa kauntala yawo kuno ku Ulongwe amadziwa kuwerenga fatura imene iwo eni amatulutsa. Iyi ndi kampani ija imamangirira kachipangizo padenga n'kumalipiritsa pamwezi. Intanetiyo payokha ilibe mlandu: pa shopu yathu yokopera ndi kusindikiza mapepala imagwira bwino, ngakhale mvula ikamagwa siithawathawa. Chimene chandilembetsa ndi mametikali 720 amene anatulukira pa fatura popanda wotiuza, mpaka kutidulitsa intaneti m'mawa wa tsiku la ntchito, anthu ali pamzere ndi mapepala oti atumizidwe ku Tete.

Mitengo mukuidziwa, pakoti yaing'ono 1,500 pamwezi, yaikulu 2,700, msonkho wa IVA uli momwemo. Mwezi wathu wolipira suyamba pa 1 ayi, umayamba pa 5 chifukwa ndi tsiku limene anatilumikiza. Pa 5 Epulo tinalipira 1,500 monga mwa masiku onse. Pa 17 Epulo tinakwera kupita pa yaikulu. Mnyamata wa pa kauntala anangodina pa kompyuta n'kunena kuti, "Zatheka bambo, mwezi wamawa muzidzalipira 2,700." Sanatitengere kalikonse tsiku limenelo, ndipo sanatchule kuti pali china chikubwera. Pa 5 Meyi tinatumiza 2,700 pafoni. Patangopita masiku ochepa, intaneti zii. Fatura imene anatumiza pa imelo, ya Chipwitikizi chokhachokha, imanena 3,420, ndipo pansi pa mzere wa 2,700 panali mizere ina iwiri: "Crédito pro rata" -900 ndi "Ajuste pro rata" 1,620. Makina awo anaona kuti tapereka zosakwana, anatidula ngati angongole.

Titafunsa ku ofesi, yankho linali lakuti, "Ndi sistema, bambo, ife sitingasinthe." Titapempha kuti atiwerengere mizere iwiriyo, mmodzi anati ndi chindapusa chosinthira pakoti, mnzake anati ndi msonkho. Onse awiri ananama, kapena tingoti sankadziwa, koma kusadziwa kwa munthu amene wakhala pa mpando wolandira ndalama kumapweteka chimodzimodzi ndi bodza. Palibe chindapusa pamenepo, ndipo msonkho ulibe nazo ntchito.

Masamu ake ndi awa. Kuyambira pa 5 Epulo mpaka pa 4 Meyi ndi masiku 30. Pakoti yaing'ono ikagawidwa pa masiku amenewa, tsiku lililonse ndi mametikali 50. Yaikulu ndi 90 patsiku. Pofika pa 17 Epulo tinali titadya masiku 12 a pakoti yaing'ono, otsala anali 18. Masiku 18 amenewo tinali titawalipira kale pa mtengo wa 50, choncho kampani iyenera kutibwezera 900, ndiwo mzere uja wa chizindikiro chochotsera. Koma masiku omwewo tinawakhala pa pakoti yaikulu, ndipo 18 kuchulukitsa ndi 90 ndi 1,620, ndiwo mzere wachiwiri. Mukachotsa 900 pa 1,620 pamatsala 720. Mwachidule:

```
(2700 - 1500) × 18 ÷ 30 = 720
```

Poti sanaitenge pa 17 Epulo, anaisunga n'kuiphatikiza pa fatura yotsatira. N'chifukwa chake fatura ya Meyi inafika 3,420, ndipo ya Juni inabwerera pa 2,700 yeniyeni. Ndi kamodzi kokha.

Mkwiyo utatsika, ndiyenera kunena chilungamo: ndalamayi sanabe. Zili ngati wa lendi amene walipira chipinda chaching'ono mwezi wonse, kenako pakati pa mwezi n'kusamukira m'chachikulu cha pa nyumba yomweyo. Mwini nyumba wabwino sangamuuze kuti ndalama yake yoyamba yapsa, komanso sangamusiye agone m'chachikulu pa mtengo wa chaching'ono. Kampani imalandira ndalama patsogolo, ya mwezi wathunthu, ndiye munthu akasintha pakati, mweziwo umaduka pawiri ndipo chigawo chilichonse chimafuna mtengo wakewake. Kwa ife masiku 12 a 50 ndi 600, masiku 18 a 90 ndi 1,620, zonse pamodzi 2,220. Tinali titapereka 1,500, yotsala ndi 720 yomwe ija. Mungawerengere mbali ina iliyonse, mufika pomwepo.

Taganizani akanachita mwina. Akanati tilipire kusiyana konse kwa mapakoti awiriwa, 1,200, tikanataya 480 kulipirira liwiro limene sitinalione m'masiku 12 oyambawo. Makampani ena amaterodi, ndipo kumeneko wokweza pakoti kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe amalira. Akanati masiku otsalawo akhale aulere, anthu ochenjera bwenzi akulipira yaing'ono pa 5, kukwera pa 6, n'kutsikanso mwezi usanathe, chaka chonse akudya yaikulu pa mtengo wa yaing'ono. Palibe kampani ingalole zimenezo. Njira yachitatu ndi yosuntha tsiku lolipira: mwezi watsopano uyambe pa 17 pomwepo, mulipire 2,700 kuchotsapo 900 yanu ija, ndiye kuti 1,800, ndipo kuyambira pamenepo muzilipira pa 17 mwezi uliwonse. Imeneyinso ndi yachilungamo, koma kwa amene amadalira malipiro a kumapeto kwa mwezi, tsiku lolipira likathawira pakati pa mwezi ndi vuto lina. Kampani iyi imasunga tsiku lanu lakale n'kugawa mtengo pa masiku, ndipo pamenepa ndikugwirizana nawo.

Pamene sindikugwirizana nawo ndi posunga 720 ija mwakachetechete. Akanaitenga pa kauntala tsiku losinthalo, nkhani ikanathera pomwepo. Ngati akufuna kuiika pa fatura yotsatira, kauthenga kamodzi ka pafoni kakanakwanira. Kuno ambiri sititsegula imelo tisanalipire, timangotumiza nambala imene tinauzidwa ndi pakamwa. Iwo akudziwa zimenezi chifukwa ndi anthu akonkuno. Ndipo kudula munthu amene wapereka 2,700 pa 3,420 mofanana ndi amene sanapereke kanthu, popanda chenjezo, n'kupanda ulemu.

Chachiwiri chimene sanatiuze ndi cha deta. Yaing'ono imapereka magiga 100, yaikulu 250. Wina aliyense angaganize kuti akakwera alandira 150 yowonjezera nthawi yomweyo. Ayi. Nayonso amaigawa pa masiku: 150 kuchulukitsa ndi 18, kugawa ndi 30, ndi 90. Mwezi umenewo tinali ndi 190 yonse pamodzi, osati 250, ndipo imene tinali titagwiritsa kale ntchito isanafike 17 inawerengedwa momwemo. N'zomveka, poti walipira gawo alandire gawo. Koma amene akukwera chifukwa deta yamuthera ayenera kudziwa zimenezi asanadine, makamaka ngati mwezi watsala pang'ono kutha. Kutatsala masiku 3, mulipira 120 yokha, zoona, koma mulandiranso magiga 15 okha. Ngati mumafuna yambiri ya sabata imeneyo, kukweza pakoti sikukuthandizani.

Powerengera nokha, pali tinthu timene timasokoneza. Choyamba ndi kutalika kwa mwezi. Kusinthaku kukanachitika m'mwezi wa 5 Meyi mpaka 4 Juni, masiku akanakhala 31, kusiyana kwa patsiku kukanakhala 38.71 m'malo mwa 40, ndipo masiku 18 akanatuluka pafupifupi 697. Mwezi umene wadutsa kumapeto kwa Febuluwale umakhala wa masiku 28 kapena 29, choncho tsiku limakwera mtengo. Makampani ena safuna kuvutika, amagawa ndi 30 chaka chonse. Mukapeza kuti nambala yanu yasiyana ndi yawo ndi mametikali 20 kapena 30, yambani mwayesa kugawa ndi 30 kenako ndi 31 musanapite kukakalipa.

China ndi tsiku losinthalo, kuti laikidwa mbali iti. Kwa ife 17 Epulo anaiwerengera ku pakoti yatsopano. Akanaiika ku yakale, masiku akanakhala 17 ndipo ndalama 680. Nambala yanu ikasiyana ndi yawo ndendende ndi ndalama yowonjezera ya tsiku limodzi, monga 40 ameneyu, chifukwa chake n'chimenechi basi. Zimachitikanso kwambiri ndi mapulogalamu akunja olipira pa khadi, chifukwa makina awo ambiri amayendera nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC, pamene ya kuno ku Mozambiki ili patsogolo ndi maola 2. Mukasintha 1 koloko usiku, kwa iwo likadali dzulo. Ena mwa amenewo sawerenga n'komwe masiku, amawerenga mpaka masekondi, ndiye musadabwe kuona nambala zokhala ndi masenti.

Koma pomwe muyenera kuyang'anitsitsa ndi pa mzere wobwezera uja. Uyenera kuchokera pa ndalama imene munalipiradi. Ngati munalowa ndi mtengo wotsitsidwa, tinene 1,200 m'malo mwa 1,500, akubwezerani 720 pa masiku 18, osati 900, ndipo yowonjezera yanu ikwera kufika 900. Pamenepo palibe cholakwa. Cholakwa chenicheni ndi fatura imene ili ndi mzere wolipiritsa koma wobwezera palibe. Mukaona 1,620 ili yokhayokha, ndiye kuti masiku 18 amenewo mwawalipira kawiri, ndipo muli ndi chifukwa chonse chokanira. Onaninso kuti madeti a mizere iwiriyo ndi ofanana, onse ayambe tsiku losintha, onse athe tsiku lomaliza la mwezi wanu.

Tinafunsanso za kutsika, poti nyengo yokolola ikatha ntchito imachepa. Apa anayankha mayi wina wachikulire wa muofesi ya mkati, yekhayo amene anatenga cholembera n'kutilembera masamu onse kuseri kwa lisiti mosatopa, ndipo ndi amene anatilumikizanso tsiku lomwelo titangopereka 720, osatilipiritsa yolumikizanso. Anati potsika sabweza ndalama m'manja, ndipo kutsikako kumayamba mwezi wotsatira, munthu amamaliza masiku ake pa yaikulu imene analipira kale. Ndiye kuti kugawa masiku kumagwira pokwera pokha. Sizinandisangalatse kwenikweni, komabe palibe chimene munthu wataya, bola apemphe kutsikako lisanafike tsiku lolipira.

Kampaniyi sitikuisiya, ndipo amene akufuna intaneti ya pa shopu ndingamuuze kuti aitenge. Kungoti mukapita kukakweza pakoti, musachoke pa kauntala asanakulembereni masiku otsala, ndalama yowonjezera, tsiku limene adzaitenge ndi magiga amene mulandire mwezi umenewo. Mnyamata uja akayamba za sistema, pemphani kuti akuitanireni mayi a muofesi ya mkati.