Akalulu kapena mbuzi: mungayambe ndi chiti ngati ndalama ndi zochepa?

Ndalama yogulira thadzi limodzi la mbuzi ingakugulireni akalulu angapo, aakazi ndi wamphongo wawo yemwe. Koma chiwerengero chisakunyengeni.

Kalulu amatenga bere masiku 31 ndipo amaswa ana 6 mpaka 8. Mbuzi imatenga miyezi 5, n'kubereka mwana mmodzi kapena mapasa. Mukasamala bwino, kalulu wamkazi angaswe kanayi pachaka. Mwa ana pafupifupi 28, chotsani ofa ndi kutsekula m'mimba, makoswe ndi linthumbu. Mukatsala ndi 20, mwachita bwino. Mbuzi yachikuda imabereka katatu pa zaka ziwiri, ndipo mwana amafuna chaka kuti afike pogulitsa.

Pa chakudya, kalulu amakhuta ndi chisoso, masamba a mbatata ndi madeya pang'ono. Masambawo azifota kaye, chifukwa onyowa amatupitsa mimba. Mbuzi imadzidyera yokha m'chilimwe, koma dzinja likafika iyenera kumangidwa, apo ayi mulipira chimanga cha eni ake kwa amfumu. Imafunanso mankhwala a njoka zam'mimba ndi khola la m'mwamba.

Pamsika ndiye mbuzi imaposa. Ogula nyama amaifuna tsiku lililonse, ndipo mtengo umakwera pa Khirisimasi ndi pa Idi. Kalulu alibe msika wokhazikika. Ambiri amagulitsa kwa anansi, mmodzimmodzi. Komatu mbuzi imakopa akuba, ndipo ikafa imodzi mpamba wonse wapita.

Wokhala pamalo ochepa m'tauni, wofuna ndiwo ndi ndalama ya sopo, ayambe ndi akalulu, atapeza kaye ogula. Wakumudzi amene ali ndi podyetsera, wofuna chosungira ndalama ya fizi kapena feteleza, agule mbuzi.