Madzi a kokonati, Thanzi ORS kapena madzi wamba: wa impso zofooka amwe chiti?

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi kukafika pachimake, munthu ukaona kokonati wamuwisi wobooledwa pamwamba mtima umangoti myaa. Madzi ake ndi ozizira bwino, otsekemera pang'ono, ndipo anthu ambiri amakhulupirira kuti amatsuka impso. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chandichititsa kulemba, chifukwa malume anga a ku Makawa, amene adawapeza ndi vuto la impso, ankagulirwa makokonati ndi ana awo omwe ngati mankhwala. Ana aja ankachita izi mwachikondi, osadziwa kuti chakumwa chabwino kwa iwo chikhoza kuimitsa mtima wa bambo awo.

Nkhani yonse yagona pa mchere wina wa m'thupi wotchedwa potaziyamu. Mcherewu ndi wofunika kuti minofu ndi mtima zigwire ntchito, ndipo timaupeza m'zakudya tsiku ndi tsiku. Wotsala umatuluka kudzera mu mkodzo, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 alionse. Impso zikakhala zamphamvu, mukhoza kudya nthochi, mbatata ndi nyemba mmene mungathere, magazi anu adzakhalabe ndi mlingo woyenera, womwe pa pepala la zotsatira za kuchipatala umakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Impso zikafooka, njira yotulukira imachepa, potaziyamu n'kuyamba kudzikundika m'magazi. Akadutsa 5.5 madokotala amayamba kuda nkhawa, ndipo akafika 6.5 ndi ngozi yeniyeni, chifukwa mtima umasokonekera kagundidwe ndipo utha kuima.

Tiyeni tiike zakumwazi pamphasa imodzi, muyeso wathu ukhale kapu ya tiyi ya mamililita 240.

Madzi wamba, a pampopi kapena a pamjigo, alibe potaziyamu woti n'kuwerengera. Tiyi wopanda mkaka ali ndi mamiligalamu osafika 100. Thanzi ORS wosungunula molondola, paketi imodzi mu lita imodzi, ali ndi mamiligalamu pafupifupi 190 pa kapu. Madzi a malalanje ofinya ali chapafupi ndi 500. Madzi a kokonati ali pamwamba pa zonsezi: pafupifupi 600 pa kapu imodzi, kuposa nthochi yaikulu bwino yomwe imakhala ndi 420. Mlingowu umasintha malinga ndi mtundu wa kokonati ndi kukhwima kwake, koma palibe kokonati amene tinganene kuti potaziyamu wake ndi wochepa. A m'mabotolo a m'sitolo nawonso ndi chimodzimodzi, werengani pachikuto muona.

Chomwe chimapusitsa ndi chakuti nthochi munthu amaitafuna, akadya ziwiri amamva kuti wadya. Kokonati amangoti kwiti kwiti. Mmodzi wamkulu akhoza kutulutsa kapu ndi theka kapena kuposa, ndiye kuti m'mphindi zitatu munthu wamwa potaziyamu wa nthochi ziwiri, ludzu likadalipo, n'kufuna wina. Ndipo popeza ndi madzi, amalowa m'magazi msanga.

Kwa munthu wa impso zabwino izi si vuto. Bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu kupeza mamiligalamu osachepera 3,510 patsiku, pakuti potaziyamu amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Msodzi amene wakhala panyanja usiku wonse akamwa kokonati mmodzi wachita bwino. Ngakhale zili choncho, malire alipo. Mu 2014 madokotala a ku America adalemba za bambo wa zaka 42 amene adasewera tenesi tsiku lonse padzuwa, akumwa madzi a kokonati opitirira malita awiri ndi theka. Adakomoka, ndipo atamuyeza potaziyamu wake adali 7.8. Adapulumuka chifukwa adafika kuchipatala msanga.

Kwa malume anga masamu ake ndi ena. Pepala lawo limasonyeza eGFR ya 24. Nambala imeneyi imachokera pa kuyeza kiliyatinini, chinyalala chimene impso zimachotsa m'magazi, ndipo imatiuza mphamvu ya impso posefa: yotsika kuposa 60 kwa miyezi itatu ndiye kuti impso zafooka, yotsika kuposa 30 zafooka kwambiri, yotsika kuposa 15 tayandikira nkhani ya dayalisisi, kusefa magazi ndi makina. Anthu amene impso zawo zafooka ngati za malumewu, makamaka potaziyamu akakhala kuti adakwerapo kale, kawirikawiri amauzidwa kuti asamapitirire mamiligalamu 2,000 patsiku, kuwerengera chakudya ndi chakumwa chonse.

Tsono taonani tsiku lawo limodzi m'mwezi wa Ramadani. Dzuwa likalowa amafutulu ndi tende zingapo, zomwe zili ndi potaziyamu wambiri ngakhale ndi zazing'ono, tinene mamiligalamu 200. Kenako kokonati mmodzi, 900. Kenako mbale ya futali wa mbatata wothira nsinjiro, yomwe imafika 900 mosavuta. Pamenepo takwana kale 2,000 mkati mwa ola limodzi, nsima ya usiku ndi chambo chake cha matimati isanabwere, daku la m'bandakucha lisanadyedwe. Ndiponso zonsezi zikulowa m'thupi lomwe lakhala tsiku lonse osamwa madzi, pomwe impso zimasefa mofooka kuposa masiku onse. Mukachotsa kokonati yekhayo n'kuikapo madzi wamba, pafupifupi theka la katunduyo lachoka, futali n'kukhalabe pamphasa (ngakhale nayenso ndi wofunika kuchepetsa, ndipo mbatata ikaduliridwa tizidutswa, kuwiritsidwa m'madzi ambiri, madziwo n'kutayidwa, potaziyamu wina amapita nawo). Nkhani yoti munthu wa impso zotere asale kapena ayi ndi yofunika kukambirana ndi adokotala komanso ashehe mwezi usanayambe.

Palinso chinthu chachiwiri chimene ambiri sitichiganizira, chomwe ndi mankhwala. Malume amamwa enalapulilo wa kuthamanga kwa magazi. Ndi mankhwala abwino, amateteza impso, koma amachititsa thupi kusunga potaziyamu. Anzake a kaputopulilo, lisinopulilo ndi losatani amachita chimodzimodzi, ndipo sipironolakitoni, amene amaperekedwa kwa otupa ndi a vuto la mtima, amaposa onsewa. Bakitilimu, yemwe anthu ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku lililonse, nayenso amakweza potaziyamu. Bulufeni, indosidi ndi dikilofenaki, amene timangogula pagolosale msana ukawawa, amachepetsa magazi opita ku impso. Munthu amene ali pa awiri mwa mankhwala amenewa, impso zili zofooka, kokonati asamuyandikire. Musasiye mankhwala kuti mupeze mpata womwera kokonati. Chosiya ndi kokonatiyo.

Pomwe ndimamva mkangano kwambiri ndi pa kutsegula m'mimba. Ena amati kokonati ndi ORS wachilengedwe, bwanji kumwa za m'paketi? Apa kusiyana kwake ndi kwakukulu. Munthu akamatsegula m'mimba, mchere umene amataya kwambiri ndi sodiyamu, uja wa mu mchere wothira m'ndiwo. Thanzi adapangidwa kuti abwezeretse sodiyamu ameneyu pamodzi ndi shuga wa mlingo woyenera kuti madzi alowe m'thupi, potaziyamu n'kukhala wapakatikati. Kokonati ndi wotembenuza: potaziyamu wake ndi wochuluka katatu kuposa wa Thanzi, pomwe sodiyamu wake ndi wosadalirika, ndipo mwa kokonati wanthete nthawi zambiri amakhala wochepa. Choncho ngakhale kwa mwana wa impso zabwino, Thanzi ndiye woyamba. Kwa wa impso zofooka, kutha madzi m'thupi kumatha kugwetsa impso m'masiku awiri okha, kotero ayambe kumwa Thanzi pang'onopang'ono ali m'njira yopita kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula mankhwala ake onse, chifukwa adokotala atha kuimitsa kaye ena monga enalapulilo mpaka m'mimba mutaleka. Thanzi si wakumwa chifukwa cha ludzu chabe: lita yonse ili ndi potaziyamu wa mamiligalamu pafupifupi 780, ndipo sodiyamu wake amatupitsa miyendo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi kwa amene sakutaya madzi.

Wina anganene kuti basi tisinthire ku malambe kapena bwemba, poti zili paliponse kuno. Tsoka ilo zipatso ziwirizi nazonso zili ndi potaziyamu wambiri, ndipo chakumwa chake chikakhala chokhuthala simunathawe kanthu.

Madzi wamba ndiwo amapambana pa ludzu la tsiku ndi tsiku, koma nawonso ali ndi malire ake. Amene mkodzo wake wachepa, miyendo ikutupa, kapena ali pa dayalisisi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amapatsidwa muyeso wa madzi patsiku, ndipo tiyi, thobwa ndi phala lamadzimadzi zimawerengedwa momwemo. Kumwa madzi ochuluka sikutsuka impso zowonongeka, monganso kokonati sazitsuka. Kukodza pafupipafupi mutamwa kokonati kumangosonyeza kuti mwamwa madzi.

Nanga wa impso zofooka pang'ono, eGFR ili cha m'ma 50, potaziyamu ali 4.2, sakumwa mankhwala aja? Ameneyu sindingamuletseretu. Theka la kapu mwa apo ndi apo, adokotala ake atavomereza, ndi potaziyamu wosaposa wa nthochi imodzi. Pali ngakhale odwala ena amene potaziyamu wawo amatsika chifukwa cha mapiritsi okodzetsa monga lasikisi. N'chifukwa chake yankho lili pa pepala la magazi, osati pa mmene munthu akumvera m'thupi.

Ndikutero chifukwa potaziyamu wokwera nthawi zambiri sachenjeza. Munthu atha kukhala pa 6.0 akuseka ndi anzake pabawo. Zizindikiro zikabwera zimakhala miyendo kulemera ndi kufooka mpaka kulephera kudzuka pampando, dzanzi m'zala ndi kuzungulira pakamwa, mseru, mtima kugunda modumphadumpha kapena pang'onopang'ono kwambiri, ndi kukomoka. Wa impso akaona izi, makamaka atamwa kokonati, si za kudikira kuti kuche ayi. Kunyumba kulibe chotsitsira potaziyamu. Kuchipatala amayeza magazi ndi kagundidwe ka mtima, amabaya kashiyamu woteteza mtima, kenako insulini pamodzi ndi shuga kuti potaziyamu alowe m'minofu kwa maola angapo pamene akufuna njira yomutulutsira.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi amene sadziwa n'komwe kuti impso zawo zafooka, pakuti matendawa amayenda mwakachetechete zaka zambiri. Ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, mwakhala pa ma ARV nthawi yaitali, kapena mudadwalapo likodzo mobwerezabwereza monga ambiri a ife okulira m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, pemphani kuti akuyezeni kiliyatinini ndi potaziyamu musanazolowere kokonati wa tsiku ndi tsiku. Malume anga adauzidwa kuti asiye kokonati potaziyamu wawo atapezeka pa 5.9. Tsopano amafutulu ndi madzi a mumtsuko ndi tende imodzi, makokonati aja akumwa ndi adzukulu, ndipo tsiku loyezanso magazi lalembedwa m'buku lawo la kuchipatala.