Filita, kulondola pa foni kapena utoto wa pa pepala: nkhope ya mwana imapulumuka pati?

Tiyerekeze kuti muli ndi chithunzi cha mwana wa zaka zisanu, ataima m'munda wa tiyi ku Thyolo, ndipo mukufuna chikhale tsamba la buku la nthano. Munda ndi mitambo sizivuta. Pamene pagona nkhani ndi pankhope, poti agogo ake akaona tsambalo ayenera kutchula dzina la mdzukulu wawo osawauza.

Njira yachangu ndi ya filita. Pa kompyuta, mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, mumapita ku `Filters > Artistic > Oilify`, ndipo chithunzi chimaoneka chopakidwa utoto nthawi yomweyo. Filita sasuntha kanthu: maso, mphuno ndi pakamwa zimakhala pomwe zinali. Vuto lake ndi loti amasakaniza mitundu yoyandikana. Pa khungu lakuda, nsidze, zikope ndi mzere wa pakati pa milomo sizisiyana kwambiri ndi khungulo, choncho mukakweza `Mask radius`, kukula kwa malo amene filita amasakaniza, zimasungunukira pamodzi, maso n'kutsala timadontho tiwiri. Mukhoza kuchepetsa vutoli popaka filita wamphamvu pa munda ndi zovala, wofooka pankhope, komabe chotulukacho chimaonekabe kuti ndi chithunzi cha kamera chosisitidwa. Filita amatenganso chilichonse chomwe kamera inagwira. Masamba a tiyi amabwezera kuwala kobiriwira pansi pa chibwano, ndipo filita amakulitsa kubiriwirako mpaka mwana kuoneka wodwala.

Ine ndimakonda njira yachiwiri, yolondola mizere ndi dzanja, mu ibisPaint X pa foni kapena mu Krita pa kompyuta. Mumaika chithunzi pansi, kutsitsa `Opacity` yake kufika cha m'ma 30 peresenti kuti chizilale, n'kutsegula `Layer` ina pamwamba, imene ili ngati pepala loonekera lojambulapo. Musalondole zonse. Londolani m'mbali mwa mutu, poyambira tsitsi, ngodya za maso, mapiko a mphuno, ngodya za pakamwa ndi makutu, chifukwa mipata ya pakati pa zinthu zimenezi ndi imene imachititsa kuti munthu azindikirike. Ngati mano akutsogolo anaguluka, mpatawo usiyeni, ndi wake.

Apa ndi pamene ambiri amakalambitsa mwana. Mutu wa mwana uli ndi chipumi chachikulu, maso ali chapakati pa mutu kapena kutsikirako pang'ono, ndipo chibwano ndi chachifupi. Dzanja lozolowera kujambula akuluakulu limakweza maso ndi kutalikitsa chibwano osadziwa. Mizere yochoka pamphuno kutsikira pakamwa, imene imaoneka mwana akamwetulira, mukaijambula ndi mzere wakuda mwamuonjezera zaka khumi. Pamenepo pakani kamthunzi kofewa basi. Ena amakulitsa maso kuti akhale a m'nthano. Akongola ndithu, koma amakhala mwana wa eniake.

Pakhungu mitundu itatu ikwana: wapakati, wamthunzi ndi wowala. Itengeni pa tsaya ndi pachipumi, osati pansi pa chibwano pobiriwira paja, ndipo musayeretse mwana pofuna kuti aoneke bwino patsamba. Mukatha, tembenuzani chojambulacho kumanja kukhale kumanzere, diso lopendekeka lionekera pompo. Njirayi imadya nthawi, ndipo kujambula ndi chala pa foni yaing'ono n'kotopetsa, koma cholakwika chilichonse chimabwezeka.

Yachitatu ndi ya pepala ndi utoto wa madzi. Mumasindikiza chithunzi, kuchigawa timabokosi ta sentimita imodzi, n'kusamutsira nkhope pa pepala la timabokosi ta masentimita awiri, kabokosi ndi kabokosi. Kukoma kwa utoto weniweni palibe pulogalamu yokufikira. Koma pamafunika pepala lokhuthala, la magalamu 300 pa sikweya mita, apo ayi limakwinyika. Khungu mumalimanga pang'onopang'ono, kuyambira wofiirira ngati katondo, mthunzi n'kuudetsa ndi kabuluu, osati wakuda, umene umapha nkhope. Malo owala mumawasiyiratu pepala lili mbee, chifukwa mukadetsa kubwerera n'kovuta. Ndiye masiku a chiperoni kuno utoto umachedwa kuuma, ndipo mukapupuluma kujambula diso pa tsaya lonyowa, limayenderera.

Njira zonsezi zimagwa ngati chithunzi choyambira n'choipa. Chojambulidwa pafupi kwambiri chimakulitsa mphuno, choncho imani mamita awiri, kamera ilingane ndi maso a mwana, pamthunzi wa khonde osati dzuwa lili paliwombo. Wokutumizirani pa WhatsApp atumize ngati `Document`, popeza njira yamasiku onse imafinya chithunzi n'kufufuta zikope. Ngati tsamba lidzasindikizidwe pa A5, yambani ndi mapikiselo 1748 m'lifupi ndi 2480 m'litali.

Buku likakhala la masamba ambiri, filita amafuna chithunzi chatsopano pa tsamba lililonse, pomwe pa pepala mumayambiranso timabokosi. Ndi njira yolondola, mizere ya nkhope ija mumaisunga pa `Layer` yakeyake. Mujambuliretu mwanayo chakutsogolo, chapambali ndi chopendekera pang'ono, mulondole zitatuzo, ndipo zikutumikirani mpaka tsamba lomaliza.